Imelo yopempha kuti malipiro aunikidwenso: nkhani ya kalaliki wa ku akaunti ku Limbe

Ndagwira ntchito zaka zingapo mu ofesi yoona za antchito, ndipo makalata opempha kukwezedwa malipiro ndawawerenga ambiri ndili mbali ya olemba ntchito. Ulendo uno ndinali tsidya linalo. Mu Januwale 2024 mlamu wanga, amene ndi kalaliki wa ku akaunti pa kampani ina yogulitsa katundu mopikulitsa ku Limbe, ananditumizira pa WhatsApp uthenga umene ankafuna kuutumiza kwa bwana wake usiku womwewo. Pansi pake analemba kuti, "Alamu, tangoonani ngati Chingerezi chili bwino." Chingerezi chinalibe vuto. Ndinawaimbira foni n'kuwapempha kuti asautumize kufikira titakumana Loweruka.

Zomwe ndikulemba pano ndawapempha chilolezo. Dzina lawo ndi la kampani ndazisiya, manambala ndawazungulitsa pang'ono, ndipo maimelo amene analembedwa m'Chingerezi, monga zimakhalira m'maofesi mwathu, ndawaika m'Chichewa.

Momwe zinthu zinalili

Mlamu analowa ntchito mu 2021. Kalata yake ya ntchito inkati ntchito yake ndi kulemba mainvoyisi, kusunga bukhu la ndalama zapakhomo ndi kuthandiza kutseka mabuku kumapeto kwa mwezi. Mu Juni 2023 mnzake amene ankalondola ngongole kwa makasitomala anasiya ntchito. Bwana anawapempha pakamwa kuti agwirizire kaye mpaka apeze munthu. Munthuyo sanapezeke, ndipo kunena zoona sanafunidwe n'komwe, chifukwa ntchito inkayenda. Pofika Januwale inali itakwana miyezi isanu ndi iwiri akugwira ntchito za anthu awiri pa malipiro a munthu mmodzi.

Pakati pakepo, mu Novembala 2023, kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti, dola n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700 kumabanki. Kampaniyo inawonjezera aliyense 15 peresenti, kotero malipiro a mlamu, asanadulidwe msonkho, anachoka pa K400,000 kufika pa K460,000 pamwezi.

Uthenga wawo woyamba unayamba ndi kupepesa kawiri. Kenako unafotokoza za lendi imene yakwera, fizi ya ana, mtengo wa shuga ndi minibasi. Unanena kuti mnzawo wina amene analowa ntchito pambuyo pawo akulandira zambiri. Unatha ndi mawu akuti ngati sipakhala kusintha akakamizika kuyang'ana kwina. Munalibe nambala ina iliyonse, ndipo ntchito yolondola ngongole ija inangotchulidwa m'chiganizo chimodzi chapakati.

Chimene chinalakwika ndi uthengawu

Chinthu chimene antchito ambiri sachiona n'chakuti bwana amene mumamupatsa moni m'mawa kawirikawiri si amene amasayina zokweza malipiro. Iye amangotengera pempho lanu kwa mkulu wa zachuma kapena kwa mwini kampani. Imelo yanu ikafika, chimene amachita ndi kudina Forward, n'kulembapo mizere iwiri pamwamba. Choncho funso limene ndinawafunsa mlamu Loweruka lija linali ili: kodi bwana wanu angautumize uthengawu kumtunda momwe ulilimu, osachita manyazi komanso osafunika kuulembanso? Anaseka n'kunena kuti ayi.

Za lendi ndi fizi ndi zoona, ndipo palibe amene angazitsutse. Vuto lake n'lakuti ndi zoona kwa aliyense, kuyambira mlonda mpaka bwanayo. Mkulu wa zachuma akawerenga pempho loyima pa kukwera mtengo kwa zinthu, amaona anthu makumi asanu ndi limodzi ali pamzere ndi kalata yofanana, ndipo yankho amakhala nalo kale: nkhani imeneyi tinaithetsa ndi 15 peresenti ija. Kukwera kwa mitengo kumakambidwa kwa onse pamodzi, kudzera ku bungwe la antchito ngati lilipo kapena pa msonkhano wa bajeti. Pempho la munthu mmodzi limafuna chifukwa chimene chili cha munthuyo yekha.

Kutchula malipiro a mnzawo kukanasintha nkhani yonse. M'malo mokambirana za ntchito ya mlamu, akuluakulu akanayamba kufufuza kuti waulula ndani, ndipo popeza mlamu amagwira ku akaunti, woyamba kuganiziridwa kuti wasuzumira pa pepala la malipiro akanakhala iwo omwe. Ndanena izi podziwa kuti lamulo la Employment Act la 2000 limati anthu ogwira ntchito yofanana phindu alipidwe mofanana popanda tsankho. Munthu amene akukhulupirira kuti akulipidwa zochepa chifukwa choti ndi mkazi kapena chifukwa cha kumene amachokera ali ndi dandaulo lenileni, koma limenelo lili ndi njira yakeyake, ndipo silosakaniza ndi pempho ngati ili. Mlamu sankaganiza za tsankho. Ankangomva kuwawa.

Za kuyang'ana kwina ndinawafunsa mwachindunji ngati ali ndi kalata ya ntchito ina m'manja. Analibe. Ndaonapo bwana akuyankha mawu otere ndi chiganizo chimodzi chofunira munthu mafuno abwino, ndipo wolembayo anasowa pogwira. Tinachotsa.

Kusonkhanitsa umboni

Apa ndi pamene tinakhalitsa. Ndinawapempha kuti abweretse zinthu zitatu: kalata yawo ya ntchito, kabuku ka malamulo a ntchito a pakampanipo, ndi malipoti a mwezi ndi mwezi amene iwo amatumiza kale kwa bwana. Sindinafune pepala lina lililonse limene saloledwa kuligwira, ndipo sitinatulutse mayina a makasitomala kunja kwa ofesi. Anangolemba manambala akuluakulu m'kope.

Lipoti limene linatithandiza kwambiri ndi limene limagawa ngongole za makasitomala potengera nthawi imene zakhala: za masiku 30, 60, 90 ndi kupitirira. Kumapeto kwa Juni 2023, ngongole zopitirira masiku 90 zinali K38 miliyoni. Kumapeto kwa Disembala zinali K14 miliyoni. Mlamu ankafuna kulemba kuti atolera K24 miliyoni. Ndinawafunsa kuti tione kasitomala mmodzimmodzi, ndipo zinapezeka kuti K9 miliyoni inachokera kwa kasitomala mmodzi wamkulu amene bwanayo anamupitira yekha ku Lilongwe. Imeneyo si yanu, ndinatero. Mukaiwerengera, bwana aiona nthawi yomweyo, chifukwa akukumbukira mafuta amene anawotcha pa ulendowo, ndipo akapeza nambala imodzi yokokomeza sakhulupiriranso zinazo. Tinalemba K15 miliyoni, ndipo K9 miliyoni ija tinaitchula poyera kuti inali ya bwana. Mlamu anadandaula kuti ndikuwachepetsera. Kwa ine chiganizo chimenecho ndicho chinali champhamvu kuposa zonse m'imeloyo, chifukwa chinasonyeza kuti wolembayo amawerenga molungama ngakhale pomwe zikumuluza.

Umboni wachiwiri unali wa kutseka mabuku. Kale ankatseka cha pa 12 mwezi wotsatira, pano amatseka pa 7. Izi zimaoneka pa tsiku limene imelo ya lipoti inatumizidwa, choncho bwana atha kutsimikiza yekha m'kompyuta yake. Wachitatu unali woti mapepala a VAT, amene ayenera kufika ku MRA pofika pa 25 mwezi wotsatira, sanachedwepo m'miyezi yonseyo ngakhale ntchito inachuluka. Mlamu anali ndi zina zisanu ndi chimodzi zimene ankafuna kuwonjezera, monga kufika msanga kuntchito ndi kusadwaladwala. Tinazisiya. Kufika pa nthawi ndi chimene munthu amalipidwira kale, ndipo mfundo zofooka zikakhala pambali pa zamphamvu, woyankha amasankha kuyankha zofookazo.

Nambala yoti apemphe

Nditawafunsa kuti akufuna zingati, anati chilichonse chimene kampani ingakwanitse. Pempho lotere limabala K20,000, kapena silibala kanthu, chifukwa bwana alibe choti alembe pamwamba potumiza kumtunda. Komanso nambala yongotola m'mutu imagwa ndi funso limodzi lokha lakuti mwaitenga kuti.

Yankho linali m'kabuku ka malamulo a ntchito kaja, kamene mlamu anali asanakatsegulenso chilowereni ntchito. Kumapeto kwake kuli magiledi, ndipo ofesi ya antchito inali itatumiza tsamba latsopano pambuyo pa 15 peresenti ija. Giledi ya mlamu imathera pa K480,000. Yotsatira, imene m'mafotokozedwe ake muli kulondola ngongole, imayambira pa K520,000 kulekeza K650,000. Apa panaoneka kuti akanangopempha kukwezedwa malipiro, ngakhale bwana atawafunira zabwino chotani, denga linali K20,000 yokha. Chopempha chenicheni chinali choti giledi iunikidwenso kuti igwirizane ndi ntchito imene akugwira. Makampani ambiri aang'ono alibe magiledi olembedwa, ndipo kumeneko munthu amadalira zimene akudziwa za malipiro a ntchito yofanana kwina, zomwe n'zovuta kuno chifukwa malonda a ntchito m'nyuzi satchula kawirikawiri malipiro. Mlamu anachita mwayi.

Tinagwirizana pa K560,000, osati pamwamba penipeni pa giledi, popeza angoyamba kumene ntchitoyo, komanso osati pansi penipeni, kuti pakhale potsikira. Kenako ndinawawerengera momwe mkulu wa zachuma adzaionere nambalayo. Kuwonjezera K100,000 sikutengera kampani K100,000 yokha. Pali 10 peresenti ya penshoni imene wolemba ntchito amasonkha, ndi 1 peresenti ya msonkho wa TEVET wothandizira maphunziro a ntchito zamanja, kotero pamwezi ndi K111,000, pachaka K1,332,000. Nambala imeneyi sitinailembe m'imelo, koma ndinafuna kuti aidziwe, kuti akamva bwana akuti ndi ndalama zambiri asadabwe, komanso adziwe kuti ikadali yochepa kwambiri poyerekeza ndi kulemba munthu wachiwiri.

Nthawi yotumizira nayo tinaifufuza. Chaka cha ndalama cha kampaniyo chimayamba mu Epulo, ndipo mlamu, pokhala wa ku akaunti, ankadziwa kuti bajeti imamangidwa mu Febuluwale. Pempho lofika mu Meyi limayankhidwa kuti dikirani chaka chamawa, ndipo yankholo limakhala loona. Choncho tinasankha Lachiwiri m'mawa, sabata yachitatu ya Januwale, mabuku a Disembala atatsekedwa, bwana asanalowe m'chipwirikiti cha kumapeto kwa mwezi. Dzulo lake mlamu anagogoda pa ofesi ya bwana n'kunena kuti, "Bwana, pali nkhani ya ntchito yanga imene ndikufuna ndikulembereni mawa, kuti muione mukapeza mpata." Kwathu kuno kalata yogwa ngati mphezi kwa munthu amene mumaonana naye tsiku ndi tsiku imaoneka ngati mwamusumira. Mawu ochepa apakamwa amenewo amachotsa zimenezo.

Imelo imene inatumizidwa

Mutu wake unali: Pempho loti giledi ndi malipiro anga ziunikidwenso.

"Bwana,

Monga ndinakuuzani dzulo, ndikupempha kuti giledi yanga ndi malipiro anga ziunikidwenso pa bajeti ya chaka chimene chikuyamba mu Epulo.

Kuyambira Julayi 2023 ndakhala ndikulondola ngongole za makasitomala, kuwonjezera pa ntchito zimene zili m'kalata yanga ya 2021. Ndikuthokoza kuti munandikhulupirira ndi ntchito imeneyi, ndipo ndikufuna kuipitiriza.

M'miyezi isanu ndi umodzi kufika Disembala, ngongole zopitirira masiku 90 zatsika kuchoka pa K38 miliyoni kufika pa K14 miliyoni. Mwa ndalama zimenezi, K9 miliyoni munatolera ndinu ku Lilongwe, ndipo K15 miliyoni ndi imene ndinalondola ine. Mabuku a mwezi tsopano tikutseka pa 7 m'malo mwa pa 12, ndipo mapepala a VAT sanachedwepo. Ndaphatikiza malipoti a Juni ndi Disembala.

Malinga ndi kabuku ka malamulo a ntchito, kulondola ngongole kuli m'giledi yotsatira. Ndikupempha kuti ndiikidwe m'giledi imeneyo pa K560,000 pamwezi, msonkho usanadulidwe. Pakali pano ndikulandira K460,000.

Ngati n'kotheka, ndingakonde kukumana nanu kwa mphindi makumi awiri sabata ino kapena yamawa, pa nthawi imene ingakukomereni.

Zikomo kwambiri."

Inapita kwa bwana yekha. Mlamu ankafuna kuika ofesi ya antchito pa Cc kuti pakhale mboni. Ndinakana. Kuchita zimenezo pa imelo yoyamba ndi kuuza bwana kuti simukumukhulupirira, komanso kumamulanda mpata woti akhale iye wobweretsa nkhaniyo kwa anzake. Mboni ilipo kale, ndi tsiku limene lili pa imeloyo.

Za ulemu tinakangana pang'ono. Kwa mlamu, ulemu unali kupepesa: pepani kukuvutitsani, ndikudziwa kuti kampani ili pa mavuto, ngati sizingatheke ndimvetsa. Ndinawauza kuti kupempha si kuba, ndipo mawu amenewa amamulembera bwana yankho lokana iye asanaganize n'komwe. Ulemu m'imeloyi uli pena. Uli pa kumudziwitsa bwana pakamwa kaye, pa kumupatsa K9 miliyoni yake, pa kusamuikira tsiku lomaliza, ndi pa kulemba mwachidule kuti awerenge pafoni osatopa. Onaninso kuti mulibe mawu oti ndakhala ndikudyeredwa masuku pamutu, ngakhale kunyumba ankatero. Bwana amene anaiwala kufuna munthu wina ndi yemweyo amene tikufuna atinyamulire pempho. Mukamuimba mlandu m'kalata, sangaitumize kumtunda, chifukwa ikhala ikumuneneza iye.

Zimene zinatsatira

Panadutsa sabata yathunthu kuli zii. Bwana ankapereka moni ngati kale, osatchula kanthu. Mlamu anayamba kuganiza kuti alakwitsa, ndipo Lachisanu anandiimbira kuti mwina akapepese. Ndinawauza kuti adikire masiku khumi ogwira ntchito. Kukhala chete kwa masiku ochepa nthawi zambiri kumatanthauza kuti kalata ili pa desiki ina. Chizindikiro choipa ndi china: bwana akayankha tsiku lomwelo kuti tiona, osatchula tsiku kapena munthu amene aone.

Atakwana masiku khumiwo analemba mizere itatu pansi pa imelo yomweyo, osati yatsopano, kuti zonse zikhale pamodzi: "Bwana, ndimati ndikukumbutseni za pempho lili m'munsili, popeza bajeti yayandikira. Ngati pali zina zimene mungafune kuti ndiwonjezere, ndiuzeni. Zikomo." Bwana anayankha masana omwewo kuti akumane Lachinayi.

Pa msonkhanowo bwana ananena kuti anatumiza kale imeloyo kwa mkulu wa zachuma tsiku lachiwiri, ndipo funso limene linabwerako linali limodzi: kodi ngongolezo zinatsika chifukwa cha kulondola, kapena chifukwa makasitomala amalipira bwino nyengo ya Khirisimasi? Limeneli sitinalikonzekere, ndipo ndi funso labwino. Ndikanayenera kuliona, chifukwa aliyense woyerekeza Juni ndi Disembala pa malonda akuyerekeza nyengo ziwiri zosiyana. Mlamu anapempha tsiku limodzi, n'kukatenga lipoti la Disembala 2022, limene linasonyeza ngongole zakale za K35 miliyoni. Disembala ndi Disembala, kusiyana kunalipobe. Lero ndikamathandiza munthu, ndimayamba ndafunsa nambala ya mwezi womwewo chaka chapitacho.

Yankho linabwera kumapeto kwa Febuluwale. Giledi inasinthidwa, dzina la ntchito linasinthidwa, malipiro anaikidwa pa K540,000 kuyambira Epulo, osati K560,000. Pa msonkhano paja mlamu anafunsanso ngati pangakhale alawansi ya miyezi imene anagwirizira. Imeneyo inakanidwa, ndipo chifukwa chake chinali chakuti panalibe kalata yowaika kukhala wogwirizira. Kabuku kaja kamapereka alawansi yotere, koma kwa munthu amene waikidwa polemba. Apa ndi pamene anataya ndalama zenizeni, ndipo anazitaya mu Juni 2023, tsiku limene anavomera pakamwa osatumiza ngakhale mzere umodzi wotsimikiza kuti kuyambira lero ndikugwirizira ntchito yakuti monga mwandipempha.

Bwana atawauza za K540,000 m'khonde, ndinawalangiza kuti athokoze polemba, n'kubwereza m'imelomo giledi, nambala ndi tsiku loyambira, kenako apemphe kalata yosintha mgwirizano wa ntchito. Kalatayo inatuluka pakati pa Malichi. Ubwino wake unaoneka kumapeto kwa Epulo, pamene peyisilipi inabwera ndi malipiro akale chifukwa wokonza malipiro sanauzidwe. Mlamu anangopita ndi kalatayo, ndipo zotsalazo zinalowa pamodzi ndi malipiro a Meyi.

Atalandira anandiimbira ali wokhumudwa pang'ono. Ankayembekezera kuona K80,000 yowonjezera ku banki pa mwezi uliwonse mwa miyezi iwiriyo, koma anapeza pafupifupi K55,000. Ndinali nditaiwala kuwakumbutsa kuti pa ndalama yowonjezerayo msonkho wa PAYE umadya kotala kapena kupitirira, ndipo 5 peresenti imapita ku penshoni yawo. Tinakhala pafoni ndi peyisilipi ziwiri, ya Epulo ndi ya Meyi, tikutsika mzere ndi mzere kufikira nambala zitagwirizana.